Tinatuma Che Halidi

Mukanawaona Che Halidi akuyenda mu msewu wa fumbi wa ku Bapong, chipewa choyera chili pamutu, cholembera chili pathumba la malaya, mukanati ndi mphunzitsi. Sanali mphunzitsi ayi. Anali woyendetsa winchi, makina okoka miyala pansi pa mgodi, ndipo khutu lawo lakumanzere linali litafa kale ndi phokoso. Polankhula nawo umayenera kuima kumanja. Ine ndinkawakonda munthu ameneyu, ndipo n'chifukwa chake nkhani yawo imandinyansa mpaka lero.

Kwawo kunali ku Namwera, ku Mangochi. Anabwera ku Joni m'masiku a Wenela, ndipo anzawo atabwerera kumudzi iwo anatsala, nasanduka tchona. Pambuyo pake anaitanitsa akazi awo, mayi Safina, n'kuchita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Mtswana wina. Mmalawi aliyense wofika kumene kuderalo ankayamba wagona pakhonde pawo. Inenso, Moffat, pobwera mu 1995 ndi chikwama chimodzi ndi setifiketi ya Fomu 2, ndinagona pomwepo masabata atatu. Ntchito anandipezera ndi iwo. Sanafunse ngati ndine Mkhristu kapena Msilamu, anangofunsa ngati msana wanga ndi wolimba.

Sitinali antchito a mgodi enieni. Tinkagwira kwa kontrakita, kampani yaing'ono imene eni mgodi ankailemba ganyu yosesa ndi kukoka miyala mu shafuti ina, dzenje lotsikira pansi pa mgodi, kufupi ndi Mooinooi. Tinalipo anthu ngati mazana awiri. Ambiri anali Atswana a ku Bapong ndi ku Segwaelane, ena a ku Mozambiki, ndipo ife Amalawi tinalipo makumi anayi. Titalowa m'bungwe la antchito, panafunika wotiyankhulira, amene kumeneko amati shopu stewadi. Panalibe mkangano. Ndani wina akanatha kutukwana m'Chitswana, kupepesa m'Chingerezi, kuseka m'Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi, n'kubwera kudzatifotokozera ife m'Chichewa? Lilime la Che Halidi linali ndi nthambi zambiri, ndipo tinkaliyesa dalitso.

Mu 1997 inafika nthawi yokambirana ndi mabwana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Lamulo la bungwe linali lomveka ngakhale kwa mwana. Wotumidwa sapita ndi maganizo ake. Anthu amasonkhana, n'kumupatsa zoti akanene, ndipo zimenezo amati mandeti. Akakambirana ndi mabwana sasaina kanthu. Amabwerera kwa anthu, n'kuwauza zonse monga zilili, anthuwo n'kuimika manja kuvomera kapena kukana. Akavomera m'pamene amasaina, ndipo pepalalo limamanga aliyense, ngakhale amene sanaimike mkono.

Tinasonkhana Loweruka masana pabwalo la mpira kuseri kwa shafuti. Anthu anakuwa mpaka mawu kusasa. Zinthu zitatu ndizo zinatuluka: malipiro akwere, majombo ndi maovololo azigula kampani, ndiponso munthu wakutali aziloledwa kupita kwawo mpaka masabata asanu ndi limodzi pachaka, osalipidwa, koma akabwera apeze nambala yake ikumudikira. Chachitatuchi chinali chathu ife. Mtswana akaweruka amakagona kwawo. Wa ku Mozambiki akanyamuka Lachisanu, Loweruka amakhala akudya ndi ana ake. Koma ife, ulendo wa basi kudzera ku Beitbridge, Harare, Tete mpaka Mwanza unkadya masiku anayi, osawerengera matola a kumudzi. Ndipo lamulo la kontrakita linkati ukajomba mashifiti asanu otsatizana, nambala yako yapita kwa wina.

Amene anaimirira kulankhula za tchuthicho anali Asani, mnzathu wa ku Namwera komweko, munthu wa manja akuluakulu amene sankalankhula kawiri pa tsiku. Bambo ake anali atamwalira sabata yomweyo, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga amachitira Asilamu, iye ali pansi pa mgodi. Chimene chinamutsalira chinali sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo monga mwana wamkulu ankafuna akakhalepo, akaone manda, akakhazike mayi ake pansi.

“Che Halidi,” anatero Asani, “ine sindidziwa kulankhula. Koma ichi chokha musakachisiye panjira.”

“Ndikachisiya, undilavulire kumaso,” anayankha Che Halidi, ndipo bwalo lonse linaomba m'manja.

Kenako mkulu wina wa ku Mozambiki ananena kuti wotumidwa asapite yekha, papite mboni ziwiri zongokhala n'kumamvetsera. Atswana anasankha wawo. Amalawi anasankha ine chifukwa cha kachingerezi kanga ka Fomu 2. Ndinadzimva kukula tsiku limenelo, ndipo ndinachapa malaya anga kawiri.

Mkulu wa bungwe wochokera ku ofesi ya ku Rustenburg anabwera tsiku loyamba lokha. Kunali sitiraka yaikulu kwina, ndipo anthu mazana awiri a kontrakita sanali kanthu kwa iye. Anagwira Che Halidi paphewa, nati akudziwa zochita, nalowa m'galimoto. Tinatsala ndi bwana wa kontrakita, mzungu wofiira khosi amene tinkamutcha Mandevu ngakhale analibe ndevu, ndi mlembi wake.

Masiku awiri oyamba Che Halidi anamenya nkhondo, ndisaname. Ankamenya tebulo, ankatuluka, ankabwerera. Koma ndinaona chinthu chimene chinandidabwitsa. Che Halidi akapanikiza, Mandevu ankatambasula manja n'kunena kuti iye payekha akanavomera, koma eni kampani ali ku Johannesburg, ayambe wawaimbira foni. Ankatuluka, kukasuta fodya, n'kubwera kudzati eni ake akana. Koma Che Halidi akanena kuti nawonso ayenera kukafunsa anthu awo, Mandevu ankaseka.

“Halidi, kodi ndikulankhula ndi mtsogoleri kapena ndi mtengamakalata? Ngati chilichonse mpaka ukafunse pabwalo, ndibweretsere bwalolo ndilankhule nalo.”

Onse awiri anali otumidwa. Wina kutumidwa kwake ankabisalako ngati chishango, wina kunkamuchititsa manyazi. Ndinaona khutu lamoyo la Che Halidi likutentha.

Tsiku lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, kunabwera nkhuku ndi mpunga. Masiku ena Che Halidi ankangodya buledi ndi tiyi chifukwa sankadziwa amene wazinga nyamayo. Koma tsikulo Mandevu ananena kuti watuma galimoto mpaka ku Brits, kwa Mmwenye, kukagula nkhuku ya halali chifukwa cha iwo. Che Halidi anadya. Inenso ndinadya, mpaka kuswa mafupa. Mboni ya Atswana inadya n'kuyamba kusinza.

Titasamba m'manja, Mandevu anayala pepala. Malipiro akwera, osati monga tinafunira, koma mokwanira kuti munthu aone kusiyana. Majombo ndi maovololo, kampani igula. Za tchuthi, pakhazikitsidwa komiti yoti idzaunike nkhaniyo, popanda tsiku loti idzamalize, ndipo kufikira pamenepo lamulo la mashifiti asanu likhala monga lilili. Ndiye panali chachinayi chimene palibe aliyense pabwalo paja anachipempha. Kampani inavomera kuti shopu stewadi mmodzi asiye kutsika pansi, azikhala mu ofesi pamwamba tsiku lonse kusamalira za antchito, malipiro ake akulandira.

“Zonsezi ndi mtolo umodzi,” anatero Mandevu. “Simungasolole nkhuni imodzi. Ndipo zikutha lero folo koloko. Sindikuti usaine, Halidi, malamulo anu ndikuwadziwa. Ungolemba zilembo zoyamba za dzina lako apa, kusonyeza kuti ukauza anthu ako kuti avomere.”

Che Halidi anapempha kuti tituluke tikambirane patokha. Tinaima pansi pa mtengo wa bulugama, mboni ya Atswana inati kwa iyo zili bwino, n'kupita kukataya madzi. Tinatsala awiri.

“Madala,” ndinatero, “za Asani zija mulibe umu.”

“Zilimo. Komiti.”

“Komiti yopanda tsiku? Nanga lamulo la mashifiti asanu?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Moffat, wabwera dzana. Ukudziwa chimene chichitike ndikakana? Sitiraka. Atswana aja angasiye malipiro okwera chifukwa cha tchuthi cha Amalawi makumi anayi? Ndipo mwa makumi anayiwo, ndi angati amene mapepala awo angapirire wapolisi atawayang'anitsitsa? Amene ankakuwa pabwalo paja ndi amene adzayambe kuzemba. Ine ndaziona.”

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'zimene zimandipweteka. Akanapita nazo pabwalo n'kuzinena chimodzimodzi, mwina tikanawatukwana, mwina tikanagonja povota, koma aliyense akanadziwa pamene waima. Koma panali china chimene sanatchule pansi pa mtengo uja. Zaka makumi awiri pansi, khutu limodzi lakufa, chifuwa cholira ngati chitseko m'mawa uliwonse, ndiye wina akukuonetsa mpando ndi zenera. Sanafunse n'komwe kuti mpandowo udzakhala wa yani. Tinalowa, natulutsa cholembera chija m'thumba, nalemba zilembo zawo ziwiri.

Lamlungu masana bwalo linadzaza. Che Halidi anakwera pa mgolo. Anayamba m'Chitswana, nanena za malipiro, anthu nakuwa. Ananena za majombo m'Fanakalo, a ku Mozambiki naimba mluzu. Za ofesi anazinena mothamanga, ngati chigonjetso cha tonse, kuti tsopano tikhala ndi munthu wathu pamwamba. Potsiriza anatembenukira kumbali imene tinaima ife, nalankhula m'Chichewa, mawu atatsika ngati a kunyumba.

“Abale anga, za tchuthi zija avomera. Kwangotsala kuti komiti ikonze masiku. Musade nkhawa.”

Za mashifiti asanu sanatchule m'chilankhulo chilichonse. Pepalalo linali m'Chingerezi, ndipo analikweza m'mwamba kuti tonse tilione, ngati kuti kuliona ndi kuliwerenga. Kenako mkulu wa ku Mozambiki uja anafunsa kuti mboni zikuti bwanji. Mtswana anati zili choncho. Maso onse anabwera kwa ine.

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti pakamwa panga panatsekeka ndi chiyani. Pakhonde paja pamene ndinagona masabata atatu? Mantha oti Atswana andiona ngati wowalanda malipiro? Kapena nkhuku ya ku Brits? Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti ndinagwedeza mutu. Manja anakwera bwalo lonse, ndipo dzanja lalikulu la Asani linali pamwamba pa onse. Akulu ankati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife tinatuma akandimverere atatu, ndipo onse atatu tinabwera ndi maluwa.

Lolemba Che Halidi anasaina pamodzi ndi mkulu wa bungwe uja, amene anabwera mothamanga, nafunsa funso limodzi lokha, ngati anthu avomera. Sabata yotsatira Che Halidi anapatsidwa kachipinda pafupi ndi pogawira nyale zotsikira nazo pansi, muli tebulo, mipando iwiri ndi kalendala ya kampani yogulitsa matayala. Anasiya kuvala ovololo.

Masiku a sadaka atayandikira, Asani anapita ku kachipinda kaja. Ndinalipo, ndinkadikira fomu ya majombo. Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

“Che Halidi, ndimati ndinyamuke Lachisanu. Masabata anayi okha. Ndipite?”

Apa m'pamene ndimalephera kuwakhululukira. Pabwalo paja mwina tinganene kuti anaopa khamu. Koma apa panali munthu mmodzi, wakwawo, wopemphera naye mzere umodzi Lachisanu lililonse. Akanangoti, Asani, usapite, pepala silikutero. Koma kutero kukanakhala kuvomera kuti ananama pa mgolo paja, ndipo mawu akanafika ku Bapong dzuwa lisanalowe. Anasuntha mapepala patebulo, osamuyang'ana.

“Pita. Ndilankhula ndi Mandevu. Ukapereke moni kwa mayi.”

Ndipo ine ndinali pomwepo, fomu ya majombo ili m'manja. Ndinamuperekeza Asani mpaka pokwerera matekisi, ndinamunyamulira chikwama, ndinamupatsa kalata yoti akaponye ku Balaka. Njira yonseyo ndinkati ndinena tikafika pa shopu ija, ndinena tikadutsa mpopi uja. Tekisi inabwera.

Mwina Che Halidi analankhuladi ndi Mandevu. Iwo ankati analankhula, ndipo Mandevu anati aimbira ku Johannesburg. Asani anabwera patatha masabata anayi ndi masiku awiri, atanyamula thumba la usipa ndi mtedza zoti agawire anzake, ndipo kathumba kena kanali ka mayi Safina kuchokera kwa mayi ake. Lolemba m'mawa anapita pogawira nyale, natchula nambala yake, kalaliki nati nambalayo ili kale pansi. Inali itapatsidwa kwa munthu wina wa ku Segwaelane.

Bungwe linapempha kuti mlandu wake umvedwe, ndipo womuyankhulira, monga mwa lamulo, anali shopu stewadi. Anandiitana kuti ndikamasulire, chifukwa Che Halidi anati sangayankhulire ndi kumasulira nthawi imodzi. Mlanduwo sunathe ngakhale theka la ola. Che Halidi ananena za maliro, za ulendo wautali, za zaka zitatu zimene Asani sanajombepo. Mandevu anamvetsera mwaulemu, kenako anatsegula fayilo, natulutsa pepala lija, naloza ndime ya mashifiti asanu. Anafunsa ngati pali fomu ya tchuthi yosainidwa. Panalibe. Kenako anasuntha chala mpaka pansi.

“Siginecha iyi ndi ya yani, Halidi?”

Asani anandiyang'ana kuti ndimasulire. Ndinamasulira ndimeyo mawu ndi mawu, bwinobwino, Chichewa chomveka. Ntchito imene anthu ananditumira ndinaigwira tsiku limenelo, mochedwa ndi miyezi iwiri.

Titatuluka, ndinkayembekezera kuti Asani achita zimene anauzidwa pabwalo, awalavulire kumaso. Sanatero. Che Halidi anayamba kulankhula za kukadandaula kumtunda, za komiti imene ikumana posachedwa, za kontrakita wina ku Marikana amene amamudziwa. Asani anangowadutsa ngati mtengo, nabwera kwa ine.

“Achimwene, inu munali m'chipinda muja tsiku lija?”

“Ndinalimo.”

“Zimene mwandiwerengerazi munazimva tsiku lomwelo?”

“Ndinazimva.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndiye chikwama changa chija munkachinyamuliranji?”

Sanadikire yankho. Anakhala ku Bapong miyezi itatu akuchita maganyu oumba njerwa, kenako tinamva kuti wapita ku mafamu a malalanje cha ku Brits. Komiti ya tchuthi inakumana kamodzi, n'kusankha wapampando.

Chaka chotsatira kunali chisankho cha shopu stewadi. Amalawi ena ananong'ona za Asani, koma kunong'ona si kuvota. Atswana anati madala awa anatibweretsera malipiro, a ku Mozambiki anati majombo, ndipo athu omwe anati kuli bwino wakwathu akhale mu ofesi kusiyana ndi mlendo. Che Halidi anapambana mosavuta. Ine sindinaimike mkono, koma musandiyamikire, chifukwa sindinatsegulenso pakamwa.

Anakhala pa mpando uja mpaka mu 1999, pamene eni mgodi anapereka ntchitoyo kwa kontrakita wina, kampani yathu n'kutha ngati mame, ofesi ndi kalendala yomwe. Pansi sakanabwereranso, dokotala anakana chifukwa cha chifuwa. Anatsegula kashopu pa zenera la chipinda chawo, kugulitsa buledi, makandulo ndi parafini. Ofika kumene ankagonabe pakhonde pawo, ndipo ankawapezerabe ntchito. Ukawamva akusimba za masiku a bungwe, unkamva za mmene anamenyera tebulo pamaso pa mzungu. Zinali zoona, tebulo anamenyadi.

Tsiku lina ndikugula buledi ndinawafunsa, nditaima kumanja kuti amve bwino, ngati amamukumbukira Asani. Anandipatsa buledi wanga, napukuta pa zenera ndi kansalu.

“Anthu anavomera, Moffat. Manja unawaona wekha. Ndipo mboni inalipo.”

Ndinatuluka ndi buledi uja mpaka pamsewu, n'kumupatsa galu wa eni nyumba.